Malaya 17 a mikono yosiyana: mmene ndinalankhulira ndi bambo otidulira nsalu

Ndimayang'anira shopu yosoka ku Limbe. Mwini wake amabwera kawiri pa sabata, ndipo masiku ena onse ntchito imakhala m'manja mwanga. Tilipo asanu ndi awiri: osoka anayi, mtsikana wosita ndi kuika mabatani, ine, ndi bambo amene amatidulira nsalu. Bambowa ndi amsinkhu wa bambo anga ondibereka. Anayamba utelala pakhonde la sitolo ine ndisanabadwe, ndipo pamene ndinkabwera pashopuyi ngati wophunzira, ndi iwo anandionetsa kagwiridwe ka sizasi yaikulu ndi kaikidwe ka patani motsata ulusi wa nsalu. Lero papepala ine ndi wowayang'anira. Pakamwa ndimawaitana kuti "bambo", iwo amandiitana kuti "mayi" pamaso pa makasitomala, ndipo tikakhala awiri nthawi zina amati "mwana wanga".

Ndalemba lipotili chifukwa ndinayesa kawiri kuwauza za cholakwa chimodzi. Koyamba sizinatheke, kachiwiri zinatheka. Ulemu wanga unali womwewo maulendo onse awiri. Chinasintha ndi malo amene ndinauika ulemuwo.

Vuto lake

M'mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, tinalandira oda ya malaya a yunifolomu 120, a mikono yaifupi, a ana a pulayimale. Nsalu yake inali ija yosakaniza thonje ndi poliyesita, yoterera pang'ono. Tinagawa ntchito pawiri, malaya 60 sabata yoyamba, 60 sabata yachiwiri.

Lachinayi la sabata yoyamba mtsikana wosita anandiitana. Anapinda malaya pakati, phewa pa phewa, ndipo mkono umodzi unatsalira. Tinayeza ndi tepi: kusiyana kwake masentimita awiri. Tinayala onse 60 patebulo n'kuyeza limodzilimodzi. Olakwika analipo 17. Ena mwa iwo anali ndi makwinya paphewa, chifukwa wosoka anachita kukoka mkono kuti ukwane pabowo lake.

Wosoka akalakwitsa, cholakwacho chimakhala pa makina amodzi, ndipo umachilondola mosavuta. Apa malaya olakwikawo anachokera pa makina onse anayi. Ndinatenga zidutswa zimene zinali zisanasokedwe, n'kuika chapamwamba pa mulu pamodzi ndi chapansi penipeni. Chapamwamba chinali ndendende ndi patani, chapansi chinali chitapatuka. Munthu akasanja nsalu zambiri n'kudula ndi sizasi yamanja, mpeni wapansi wa sizasi umanyamula mulu, ndipo nsalu zapansi zimatsetsereka. Nditawerenga mulu umodzi ndinapeza nsalu 12. Pa nsalu yoterera ngati imeneyi, pashopu pathu timalekeza pa zinayi, zomangidwa ndi mapini. Amene anandiphunzitsa lamulo limeneli ndi bambo omwewo.

Kuyesa koyamba

Lachisanu m'mawa, tonse tikumwa tiyi, ndinati: "Anzanga, pali zinthu zina zimene sizikuyenda bwino pa oda iyi. Malaya ena alakwika. Tiyeni tonse tiziyesetsa kusamala."

Aliyense anavomera. Bambo aja anavomera mokweza kuposa onse, n'kuwonjezera kuti ana amasiku ano amathamangitsa makina. Mmodzi wa osoka, mayi wa ku Bangwe amene msoko wake sunabwererepo, anangoika kapu pansi n'kubwerera pamakina ake osalankhula. Tsiku lonse sanandiyang'ane.

Mawu angawo ndawaganizira nthawi yaitali. Chichewa chathu chili ndi njira yokongola yotchulira cholakwa popanda mwini wake: "mbale yasweka", "ndalama zasowa", "malaya alakwika". Njira imeneyi imasunga mtendere pamaliro ndi pamilandu ya m'banja, pamene aliyense akudziwa kale amene akunenedwa. Pantchito, pamene mwini cholakwacho sakudziwa kuti walakwitsa, imangomwaza mlandu pa anthu osalakwa. Ndinati "zinthu zina" osatchula mikono. Ndinati "malaya ena" osatchula 17. Ndinati "tonse" pamene ndinkanena munthu mmodzi. Ndinati "kusamala", mawu amene sauza munthu choti achite ndi manja ake mawa m'mawa. Ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza bambowo, koma chimene ndinachita ndi kuwabisira nkhani imene anzawo onse ankaidziwa, n'kupweteka mayi amene analibe mlandu.

Lolemba lotsatira ndinapeza mulu wina wa nsalu 12 uli patebulo, choko atalemba kale.

Kukonzekera

Ndinawapempha bambowo kuti ayambe adula makolala a oda ina, mulu uja udikire, ndipo usiku umenewo ndinakhala pansi ndi kope. Ndinalemba mizere inayi: chimene ndinaona ndi maso anga, chimene chinatsatira, funso limene ndilibe yankho lake, ndi chinthu chimodzi chimene ndikupempha. Mzere woyamba ndinaufufuta katatu. Poyamba ndinalemba kuti "akufulumira", kenako kuti "sakusamala ngati kale". Zonsezi ndi ziweruzo za mtima wa munthu, ndipo munthu aliyense amazikana, chifukwa iye amadziwa zamumtima mwake kuposa ine. Chimene sangakane ndi chimene tepi ikunena. Pamapeto mzerewo unati: nsalu 12 pa mulu, malaya 17 mwa 60, masentimita awiri.

Ndinaganiziranso nthawi ndi malo. M'mawa akangofika, atalimbana ndi maminibasi kuchokera ku Machinjiri, si nthawi yabwino. Poweruka sipabwinonso, chifukwa munthu amapita nayo nkhaniyo kunyumba osapeza mpata woonetsa kuti wamva, ndipo imamulira m'mutu usiku wonse. Ndinasankha nkhomaliro itangotha, anzathu ali kunja, patebulo lawo lodulira. Sindinafune kuwaitanira kukachipinda ka mabuku a ndalama. Munthu wamkulu akaitanidwa ku ofesi ndi mwana, shopu yonse imadziwa kuti kuli mlandu asanakhale n'komwe pampando. Patebulo lodulira ndi pamalo pawo, ndipo wobwera ndinali ine.

Chinthu china chimene ndinakana ndi kutuma munthu. Mwini shopu ndikanatha kuwauza, ndipo akanalankhula nawo ngati akuluakulu okhaokha. Kwathu timachita zimenezi pa nkhani za ukwati, ndipo ankhoswe ali ndi ntchito yawo. Koma pa nkhani ya mikono ya malaya, kudutsira kwa abwana kukanasandutsa chinthu choti tikonze kukhala dandaulo, ndipo bambowo akanafunsa mumtima kuti mwana amene anamuphunzitsa analephereranji kuwauza yekha.

Kukambirana kwake

Ndinabwera ndi malaya awiri olakwika, zidutswa ziwiri zija, ndi tepi. Ndinakoka mpando n'kukhala, chifukwa iwo anali atakhala, ndipo sindikanalankhula nditawaimirira pamutu.

"Bambo, mwaswera bwanji? Ndimati ndikubereniko mphindi khumi. Pali nkhani ya mikono ya malaya a sukulu aja imene ndikufuna tione limodzi. Mpata ulipo panopa, kapena ndibwere mukamaliza kolalayo?"

Mawu akuti "nkhani ya mikono" ndinawaika koyambirira dala. Ukangoti "ndikufuna tilankhulane", munthu amayamba kuganiza za kuchotsedwa ntchito, ndipo zimene unene pambuyo pake sazimva. Funso la mpata nalonso linali lenileni. Akanati ndibwere nthawi ina, ndikanabwera nthawi ina, koma tsiku lomwelo.

Anati ndinene. Ndinapinda malaya phewa pa phewa n'kuwapatsa tepi kuti ayeze okha.

"Mwa malaya 60 a sabata yatha, 17 atuluka chonchi. Ndinayamba ndayang'ana kumakina, koma achokera kwa osoka onse anayi. Nditafananiza chidutswa chapamwamba ndi chapansi, ndi izi. Mulu umene munadula unali ndi nsalu 12, ndipo zapansi zinatsetsereka."

Onani kuti ndinati "umene munadula". Mawu amenewa ndi amene ndinawathawa Lachisanu lija. Ndinawanena ndi mawu otsika, ndikuyang'ana nsalu osati kuwatong'olera maso, koma ndinawanena. Ulemu unali mu "bambo", mu "inu", mu kukhala pansi, mu kusankha nthawi imene panalibe womvera. Nambala sindinaifewetse, ndipo mwini dzanja sindinamubise.

Kenako chotsatira chake: "Kuti tikonze, tisomola mikono yonseyo n'kudula ina. Pafunika nsalu pafupifupi mamita asanu imene sinali m'chiwerengero, ndi tsiku lathunthu la osoka awiri. Sukulu ikufuna katundu wake Lachisanu. Komanso Lachisanu lapitali ndinalankhula ngati olakwa ndi osoka. Pamenepo ndinalakwitsa ndine, ndipo ndikawapepesa."

Apa ndinafunsa funso langa n'kutseka pakamwa: "Inu ndi amene munandiphunzitsa kuti nsalu yoterera sitipitirira zinayi. Ndiye ndikudziwa kuti pali chifukwa. Chinachitika n'chiyani?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza chidutswa chija. Chete ameneyu ndi wovuta kumupirira. Pakamwa pamayabwa kuti unene kuti "komatu si nkhani yaikulu" kapena "zimachitika, musadandaule". Ukatero wafafaniza zonse zimene wanena, ndipo munthu amatola mawu omalizawo n'kusiya oyamba aja. Ndinagwira tepi m'manja n'kudikira.

Yankho loyamba linali lokwiya pang'ono. "Mwana wanga, zaka zonsezi ndadula nsalu, lero undiwerengere milu?"

Ndinati: "Zaka zanuzo ndi zimene zatidyetsa tonse pano, ndipo sindikuzikayikira. Ndikunena za mulu uwu wokha, ndi malaya 17 awa." Sindinawonjezere za makabudula a chaka chatha, ngakhale zinandibwerera m'mutu. Ukafukula zakale, munthu amasiya kuyang'ana nsalu ili patebulo n'kuyamba kuteteza moyo wake wonse.

Atapuma, anandiuza zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa. Choyamba, Lolemba la sabata yoyamba ndinawauza kuti zidutswa za malaya onse 60 zikhale zitadulidwa pofika Lachiwiri masana, kuti osoka asakhale manja lende. Podula zinayizinayi, imeneyo ndi milu 15, ndipo mulu uliwonse uli ndi kutsogolo, kumbuyo, mikono, kolala ndi thumba. Anaona kuti sizitheka, koma sanafune kunditsutsa pamaso pa ana. Anasanja 12 kuti milu ikhale isanu. Chachiwiri anachinena motsitsa mawu kwambiri: tebulo lodulira lili kumbuyo kwa shopu, kutali ndi zenera, ndipo magetsi akazima mzere wa choko pansalu yoyera sakuuonanso bwino. Akadula milu yochepa, amamaliza dzuwa lisanapendeke.

Ndikanangobwera ndi chigamulo, zonsezi sindikanazimva. Theka la vutoli linachokera pakamwa panga, pamene ndinapereka tsiku osafunsa wodula ngati n'zotheka. Ndinawauza choncho: "Tsiku lija ndinaika ndine, osakufunsani. Pepani. Kuyambira lero ndisanalonjeze kasitomala ndizibwera kaye kuno." Koma kupepesa kwanga sikunachotse pempho langa, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amabwerera m'mbuyo. Ukapeza kuti nawenso unalakwa, umachita manyazi n'kusiya nkhani yonse. Ndinapitiriza:

"Pempho langa ndi ili, bambo. Pa malaya 60 otsalawa, mulu usapitirire nsalu zinayi, ndipo mukhomeremo mapini. Mukadula mulu woyamba, tifananize chapamwamba ndi chapansi tisanapereke kwa osoka. Ndipo tsiku limene ndanena likakhala losatheka, mundiuze nthawi yomweyo, ngakhale pamaso pa anthu. Sindidzaona ngati mwandinyoza."

Pomaliza ndinafuna kudziwa ngati tamvana. Mwana wasukulu umamuuza kuti abwereze zimene wanena, koma munthu wamkulu sungamutero. Ndinati: "Kuti ndisasokoneze pouza osoka, tagwirizana kuti mawa tiyamba bwanji?" Anayankha okha: zinayizinayi, mapini, mulu woyamba tiyeze, ndipo anawonjezera kuti tebulo tilisunthire kuzenera. Titamaliza tinalinyamula limodzi, anzathu akulowa. Zonse zinatenga mphindi zosakwana makumi awiri.

Za kuyamikira

Ena amaphunzitsa kuti uyambe ndi kuyamikira, uike chidzudzulo pakati, utsekere ndi kuyamikiranso. Ndinaiyesapo njira imeneyi pa anthu ena ndipo ndinaisiya. Pakati pathu, pamene munthu wamkulu amayembekezera kale mawu aulemu kwa wamng'ono, kuyamikira koyamba kumamveka ngati moni, komaliza ngati kutsanzika, ndipo chapakaticho chimamira. Ena amene anaizolowera, ukangoti "mumagwira ntchito bwino" amauma thupi kudikira "koma". Tsiku lija sindinawayamikire bambowo kuti ndiwafewetse. Ndinatchula zoona ziwiri zokhudza nkhaniyo, kuti lamulo la zinayi anandiphunzitsa ndi iwo, ndi kuti luso lawo sindikulikayikira.

Kuyamikira kwenikweni kunabwera pa nthawi yake, ndipo nakonso kunali ndi nambala: "Bambo, malaya 60 achiwiri aja tayeza onse. Palibe ngakhale limodzi lobwerera. Osoka akuti mikono ikungolowa yokha." Mawu amenewa ndinawanena pamaso pa onse. Mayi wa ku Bangwe uja ndinali nditamupepesa kale payekha: "Lachisanu ndinalankhula ngati vuto lili kumakina. Silinali kwa inu, ndipo ndinkadziwa. Mundikhululukire."

Mawu amene ndasintha

Kuchokera nthawi imeneyo pali timawu timene ndimadzigwira ndisanatinene. "Mwina" ndi "kapena" ndimatigwiritsa ntchito pamene ndikukayikadi, monga "mwina sizasi yabuntha, tiione", osati pa chinthu chimene ndayeza. Ka "-ko" kaulemu ndimakaika pa pempho la nthawi, "ndikubereniko mphindi", koma osati pa muyezo. Ukati "muchepetseko nsalu pa mulu", munthu achotsa ziwiri pa 12 n'kukhala kuti wakumvera. "Nthawi zonse mumatero" ndinasiyiratu, chifukwa munthu amangofunika kukumbuka tsiku limodzi limene sanatero kuti mawu ako onse agwe. M'malo mwake ndimatchula tsiku: "Lachiwiri ndi Lachitatu zipi zinatuluka zopindika." Ndipo "anthu akudandaula" ndi mawu oipa kwambiri pashopu yaing'ono, chifukwa munthu amayamba kuyang'ana anzake mmodzimmodzi kufuna wamiseche. Ngati ndaona ndine, ndimati "ndaona". Ngati sindinaone, ndimayamba ndakaona.

Kwa achinyamata mawu amasintha pang'ono, koma osati kwambiri. Mtsikana wosita uja tikamacheza ndimamuti "iwe", monga mng'ono wanga. Tsiku limene anawaulitsa makolala atatu ndi simbi yotentha kwambiri, ndinamutengera pambali n'kunena kuti: "Achemwali, makolala atatu awa awala chifukwa simbi inali pa moto wa thonje, pamene nsaluyi ili ndi poliyesita. Musanayambe mulu, muziyesa kaye pa kachidutswa. Chinakuvutani n'chiyani?" Ndinapita ku "inu" dala. "Iwe" wa pocheza ndi wachikondi, koma "iwe" wa podzudzula amamveka ngati kukalipira mwana, ndipo munthu amamva kuchepetsedwako kuposa nkhani ya simbi.

Malire ake

Kukambirana kotere si chenjezo la ntchito, ndipo ndi bwino munthu adziwe zimenezi. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limatchula chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ndi kutsitsidwa udindo ngati njira za chilango, ndipo limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Imeneyo ndi njira ina, ya mwini shopu, yokhala ndi makalata. Bambowo atandifunsa mawa lake ngati nkhaniyi yafika kwa abwana, ndinawayankha zoona: "Ndawauza kuti tagula nsalu ina mamita asanu chifukwa mikono inalakwika podula, kuti tsiku losatheka ndinaika ndine, ndipo kuti takonza. Palibe kalata, palibe chodula pamalipiro." Sindikanawalonjeza chinsinsi chimene sindikanasunga, popeza ndalama ya nsaluyo inayenera kulembedwa m'buku.

Nkhani ya maso ndi imene sinathe. Tsiku lija sindinaikhudze kupitirira pa kusuntha tebulo, chifukwa munthu amene wangovomera chinthu chowawa chotero sufunika kumukankhanso. Patapita sabata ziwiri, oda itaperekedwa, ndinaiyamba padera: "Bambo, munanditchulira za choko chosaoneka bwino. Ku Gulupu, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuli mbali yoona za maso. Mukafuna kupita, tsikulo ndikonza ine kuti lisakudyereni malipiro." Anati amva, aganizira. Ndinabwerezanso kamodzi mwezi wotsatira, anayankha chimodzimodzi, ndipo ndinalekera pomwepo. Kutalika kwa mkono wa malaya ndi nkhani yanga ngati woyang'anira, ndipo ndikhoza kuumirira. Maso ndi awo.

Chimene ndinatha kuchita ndi cha pashopu. Tinagula nyale yotchaja yoika pamwamba pa tebulo, ndi choko chabuluu cha nsalu zoyera. Oda ikabwera, ndimapita kaye kutebulo lodulira ndi pepala n'kufunsa kuti, "Izi zitenga masiku angati, bambo?" ndipo tsiku limene anena ndi limene ndimauza kasitomala. Mulu woyamba wa oda iliyonse timaufananizabe, chapamwamba ndi chapansi. Masiku ano amandiitana okha, tepi ili kale m'manja. Kuchipatala sanapitebe.